Malonda ndi M'maso: Nanga Wogula Akakhala Kutsidya kwa Nyanja?

Akuluakulu adati malonda ndi m'maso, ndipo aliyense amene adagulapo chitenje pamsika wa Limbe, wa Chipata kapena wa Tete amadziwa tanthauzo la mawuwa. Wogula amaitambasula nsalu, amaiyang'ana kuseri, amaitikita ndi zala kuti amve ngati yalimba ndi sitachi chabe, kenaka amaiyeza kuchokera pachifuwa kufika kunsonga ya chala. Wogulitsa salankhula zambiri chifukwa maso ndi manja a wogula agwira kale ntchito yonse. Koma masiku ano kwabuka timasitolo ta pa intaneti togulitsa zitenje, ufa, nsinjiro ndi madengu kwa anthu okhala ku Mangalande, ku Amereka ndi kwina, ndipo ogula amenewo alibe mwayi wogwira kanthu. Chimene ali nacho ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri ndi mizere ingapo ya Chingerezi. Mizere imeneyi ndiyo yalowa m'malo mwa maso ndi zala zawo. Mwatsoka, ntchito yomasulira mizereyo kuchoka m'Chichewa ikugwiridwa mwachibwana, ndipo amene akulipira mtengo wa chibwanacho ndi eni timasitolo omwe mpamba wawo ndi wochepa kale.

Omasulira olakwitsa ali m'magulu awiri, ndipo magulu onsewa amadziona ngati akuchita bwino. Gulu loyamba limatenga liwu la Chichewa n'kulisinthanitsa ndi liwu la Chingerezi, mmodzimmodzi mpaka chiganizo chitatha, n'kumati kumeneko ndiko kukhulupirika. Gulu lachiwiri limataya Chichewa chonsecho n'kulemba nthano yokoma yonena za Afirika wakalekale, n'kumati kumeneko ndiko kudziwa malonda. Onse awiri aiwala chinthu chimodzi. Malongosoledwe a katundu olembedwa m'Chichewa amalembedwera munthu amene akumudziwa kale katunduyo, choncho amasiya zambiri zosanenedwa. Ntchito ya womasulira ndiyo kufukula zimene sizidanenedwezo, kuzitsimikiza pa katundu weniweniyo, n'kuziika m'Chingerezi chomveka, dzina la katunduyo lili chikhalire m'Chichewa. Womasulira amene sanagwirepo nsaluyo, kapena kufunsa amene waigwira, alibe choti amasulire.

Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, munthu ayerekeze mayi wina wogulitsa zitenje amene walemba uthenga wamalonda monga amalembera masiku onse: "Zitenje za java zafika, zosasuluka, zofewa bwino, mamita 4. Zabwino povala, poberekera mwana ndi posoketsa. Mitundu ilipo yambiri, zofiira ndi zobiriwira." Mchewa aliyense akawerenga uthengawu sasowa kanthu. Akudziwa kuti java ndi mtundu wa nsalu, akudziwa mulifupi mwake mwa chitenje osauzidwa, akudziwanso kuti mawu akuti zosasuluka ndi lonjezo la pamsika lomwe munthu amalimva ndi khutu limodzi. Tsopano uthenga womwewo upatsidwe kwa mphwake wa mayiwo amene adakhoza bwino Chingerezi pa mayeso a Fomu 4, ndipo iye aumasulire liwu ndi liwu.

Cholakwa choyamba chigwa pa dzina lenilenilo. Ambiri adaphunzira kusukulu kuti chitenje m'Chingerezi ndi "wrapper", ndipo liwuli limamvekadi ku Malawi ndi ku Nigeria. Koma kwa mayi wa ku Manchester liwu lomweli limatanthauza kapepala kokutira switi kapena chokoleti. Ena pofuna kuzemba vutoli amalemba "sarong", amene ndi mawu ochokera ku zilankhulo za ku Malaysia ndi Indonesia, ndipo wogula wa ku Ulaya akawaona amaganiza za kansalu kopyapyala kovala pamwamba pa zosambira kugombe la nyanja. Akalandira nsalu yathonje yolemerera, ya mamita 4, amadabwa n'kumati wapusitsidwa. Liwu lakuti java nalonso likasiyidwa lokha limauza wogula kuti nsaluyo yachokera pachilumba cha Java, pamene mayi uja amangotanthauza mtundu wa madindidwe. Ndiye pali kubereka, mneni amene m'Chichewa amagwira ntchito ziwiri, kubala mwana ndi kumunyamula kumsana. Womasulira wothamanga akasankha tanthauzo loyamba, chitenje chimasanduka nsalu ya m'chipinda chochiliramo amayi. Akasankha lachiwiri mosasamala n'kuchitcha chonyamulira khanda, walowa m'bwalo lina: ku Amereka ndi ku Ulaya zonyamulira makanda zili ndi malamulo akeake a chitetezo amene nsalu wamba sinayesedwe nawo. Njira yoyenera ndiyo kunena mmene anthu a ku Malawi amagwiritsira ntchito chitenje, osalonjeza kuti ndi chipangizo chonyamulira mwana.

Cholakwa chachiwiri, chomwe chimadya ndalama zambiri, chili pa miyeso. Nsalu zodindidwa zochokera kunja kawirikawiri zimadulidwa m'mayadi, ndipo mpukutu wodziwika ndi wa mayadi 6. Pamsika, wogulitsa ndi wogula amasakaniza yadi ndi mita popanda mkangano chifukwa onse akuiona nsaluyo. Komatu yadi imodzi ndi masentimita 91 ndi pang'ono, choncho mayadi 6 ndi mamita 5 ndi theka basi. Munthu akalemba kuti nsaluyo ndi mamita 6 pamene ndi mayadi 6, wamulanda wogula theka la mita, lomwe n'lokwanira kulepheretsa manja a diresi. Chitenje cha mayadi 2 chikalembedwa kuti ndi mamita 2 chimaperewera ndi masentimita 17. Mulifupi namonso simutchulidwa m'Chichewa chifukwa aliyense amamudziwa, koma telala wa ku London sangawerengere nsalu yofunika pa chovala popanda kudziwa kuti mulifupi ndi masentimita 114 kapena kuposerapo pang'ono. Funso lina limene uthenga wa mayi uja sunayankhe ndi lakuti, kodi mamita 4 amenewo ndi nsalu imodzi yosadula, kapena ndi zitenje ziwiri za mamita awiriawiri? Kwa wovala m'chiuno palibe kusiyana. Kwa wofuna kusoka katani kapena diresi lalitali, kusiyanaku ndiko kumachititsa kuti katundu abwezedwe.

Mitundu nayo ili ndi msampha wake. Chichewa chimagawa mitundu mosiyana ndi Chingerezi. Chofiira chikhoza kukhala cha mtundu wa magazi, cha dothi lakatondo, cha njerwa yootcha ngakhalenso cha lalanje lakupsa kwambiri. Chobiriwira kwa ambiri ndi cha msipu, koma achikulire ena amatchulanso motero chinthu cha mtundu wa thambo. Womasulira amene angolemba "red" ndi "green" osaiona nsaluyo akuchita maere ndi ndalama za mwini wake. Pamenepa dikishonale sithandiza. Chofunika ndi kuitulutsa nsaluyo panja dzuwa likuwala, kuiyang'ana, n'kutchula mtundu umene ulipodi.

Koma liwu loopsa kuposa onse mu uthenga uja ndi lakuti zosasuluka. Pamsika liwuli ndi chiyamikiro, ndipo wogula akapeza kuti madzi ochapira ada pang'ono tsiku loyamba samuimba mlandu wogulitsa, bola maluwa a nsaluyo asafufutike. Likalembedwa m'Chingerezi pa sitolo ya pa intaneti, liwu lomweli limasanduka pangano. Ku Mangalande kuli lamulo la chaka cha 2015 loteteza ogula, lomwe limati katundu ayenera kukhala monga momwe adalongosoledwera. Kulinso malamulo a chaka cha 2013 opatsa munthu wogula zinthu pa intaneti masiku 14 oti asinthe maganizo atalandira katundu, ndipo maiko a mu mgwirizano wa Ulaya ali ndi lamulo lofanana nalo. Kaya lamulo lingamufikire bwanji wogulitsa wa ku Blantyre, wogula wa kumeneko adazolowera ufulu umenewu, ndipo makampani odutsitsa ndalama kawirikawiri amabweza ndalama kwa wogula akasonyeza kuti katundu sakugwirizana ndi zimene zidalembedwa. Chitenje chikasuluka n'kuthimbiriritsa malaya oyera m'makina ochapira, mwini sitolo amataya nsalu, ndalama zotumizira, ndi mbiri yake, pakuti dandaulo la wogula limatsala pa sitolopo kuti wodutsa aliyense aliwerenge.

Chimodzimodzinso ndi ulusi. Uthenga wa Chichewa sunanene ngati nsaluyo ndi yathonje kapena yapoliyesita, popeza zala zimadziwa zokha. Maiko a ku Ulaya amafuna kuti nsalu yogulitsidwa inene ulusi umene idapangidwira, ndipo wogula wosoka amafunsa zimenezi asanafunse mtengo. Zolembedwa m'mphepete mwa nsalu sizodalirika nthawi zonse, pakuti zitenje zambiri zotsika mtengo zimadindidwa mawu odzitamandira amene sagwirizana ndi nsaluyo. Pali njira zakale zodziwira. Kachidutswa ka thonje kakayatsidwa kamanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, pamene poliyesita amasungunuka n'kusiya kam'bulu kolimba. Nsalu yodindidwa ndi phula yeniyeni imaoneka mofanana mbali zonse ziwiri, pamene yongotsanzira imakhala yotuwa kuseri. Kusuluka kumayesedwa poviika kachidutswa m'madzi ofunda pamodzi ndi kansalu koyera. Zonsezi sizitenga ola limodzi, ndipo womasulira amene sanazichite kapena kuzifunsa sayenera kulemba kuti nsaluyo ndi thonje lokhalokha.

Zikatsimikizidwa zimenezi, uthenga wa mayi uja ukhoza kuoneka motere pa sitolo: "Chitenje, printed cotton cloth worn in Malawi. One uncut piece, 400 cm by 114 cm, about 4.4 yards by 45 inches. 100% cotton, machine printed. Brick red with dark green leaves. Wash cold and separately, as some dye comes out in the first wash." Munthu akayerekeza mizere imeneyi ndi uthenga woyamba aona kuti mawu ofanana ndi ochepa kwambiri. Mawu akuti zafika achoka, pakuti wogula wakunja sanali kudikira kuti zifike. Lonjezo la kusasuluka lalowedwa m'malo ndi chenjezo loona. Miyeso yaperekedwa pawiri, m'masentimita kwa a ku Ulaya ndi m'mayadi ndi mainchi kwa a ku Amereka. Komabe kumasulira kumeneku n'kokhulupirika kuposa kuja kwa liwu ndi liwu, chifukwa wogula wa ku Toronto akudziwa tsopano zimene wogula wa ku Limbe akadadziwa atagwira nsaluyo. Ndipo dzina lakuti chitenje laima patsogolo, lisanasinthidwe.

Pa dzinali ndi pamene gulu lachiwiri, la okometsera, limachimwira koposa. Iwo amati wogula wakunja sadziwa liwu lakuti chitenje, choncho ndi bwino kulemba "Ankara", lomwe ndi dzina lofala ku Nigeria, kapena "tribal print", n'kuwonjezera kuti nsaluyi ndi ya mwambo wa makolo wochokera m'zaka mazanamazana. Bodza limeneli n'lomvetsa manyazi chifukwa mbiri yeniyeni ikudziwika. Luso lodinda nsalu ndi phula lidachokera ku Java, ndipo mafakitale a ku Ulaya adalitsanzira ndi makina m'zaka za m'ma 1800. Kampani ya Vlisco ya mu mzinda wa Helmond ku Holland, imene idayamba m'chaka cha 1846, ikadapangabe nsalu zoterezi mpaka lero. Ku Malawi zitenje zakhala zikudindidwa ku fakitale ya David Whitehead mu mzinda wa Blantyre, ndipo zambiri za pamsika lero zimachokera ku Tanzania, ku India ndi ku China. Makolo akale ankavala nyanda ndi zikopa, ndipo Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankawomba nsalu zathonje pamanja, zomwe David Livingstone adaziona m'chaka cha 1859. Chitenje chidasanduka cha kuno chifukwa cha mmene amayi adachivalira kumaliro, kuchinkhoswe, kutchalitchi ndi kumisonkhano, ndipo mbiri imeneyi njokwanira kuinena popanda kupeka ina.

Kutcha chitenje nsalu ya fuko losadziwika n'kugulitsa ulemu wa anthu pamtengo wa bonya. Palibe amene amatcha nsalu ya mabokosimabokosi ya ku Scotland ndi liwu limenelo, ngakhale kuti imagwirizanadi ndi mafuko a kumeneko. Amaitchula dzina lake, ndipo dziko lonse lidaliphunzira. Dziko lidaphunziranso mawu onga kimono, sari ndi kente chifukwa eni ake sadawabise. Amozambiki akugulitsa capulana ndi dzina lake, Aswahili akugulitsa kanga ndi kitenge ndi maina ake. N'chifukwa chiyani Mchewa yekha ayenera kubwereka dzina ku Lagos kuti agulitse nsalu imene amayi ake adamuberekera? Dzina likafufutika, chitenje cha ku Limbe chimalowa m'nyanja ya nsalu zikwizikwi zotchedwa ndi dzina limodzi, ndipo m'nyanja imeneyo wopambana ndi wa fakitale yaikulu wogulitsa motchipa, osati mayi wa mipukutu makumi awiri.

Okometserawa amawonjezanso mabodza ena awiri. Loyamba ndi liwu lakuti "handmade", lomwe amaliika paliponse. Dengu lolukidwa ndi mlaza kapena lichero la nsungwi n'zopangidwadi pamanja, ndipo kunena zimenezi n'koyenera. Koma chitenje chimadindidwa ndi makina, ndipo chikwama chosokedwa ndi telala wa pakhonde chiyenera kulongosoledwa kuti chasokedwa ndi telala pogwiritsa ntchito nsalu ya kufakitale. Lachiwiri ndi nthano yachisoni. Mwini sitolo sanalembe paliponse m'Chichewa kuti ndi wosauka, koma m'Chingerezi mumapezeka kuti kugula dengu ili n'kupulumutsa mudzi wonse ku njala. Mmisiri amene adaphunzira kuluka kwa zaka zambiri amasandutsidwa wopemphetsa popanda kumufunsa. Wogula mwachifundo amagula kamodzi n'kumva kuti wachita mbali yake, pamene wogula chifukwa cha ubwino wa katundu amabweranso n'kuuza anzake. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo wogula wakunja akazipeza nyererezo sabwereranso.

Pa zakudya, kumasulira kolakwika kumaposa kutaya ndalama. Liwu lakuti ufa silifuna kulongosola kwa munthu wa kuno, koma liwu lakuti "flour" likaima lokha limatanthauza ufa watirigu. Ambiri amalemba "corn flour", osadziwa kuti ku Mangalande dzinali ndi la sitachi woyera wa chimanga wolimbitsira msuzi, amene saphikira nsima. Ku Joni ndi ku Zimbabwe ufa wa nsima amaudziwa ndi dzina lakuti "mealie meal", ku Amereka dzina loyandikira ndi "cornmeal", ndipo mawu amene amamveka kwa ambiri ndi "maize meal". Ngakhale dzina litapezeka, kusiyana kwa mgaiwa ndi ufa woyera kumatsalabe. Mgaiwa ndi chimanga chogayidwa ndi gaga wake, pamene ufa woyera ndi wa chimanga chokonola, choviika m'madzi masiku angapo, choyanika, kenaka n'kugaya. Kakomedwe, fungo ndi nthawi imene ufawo ungasungike n'zosiyana, ndipo Mmalawi wa ku Leeds amene walipira ndalama zambiri kuti alawe nsima ya kwawo amadziwa umene akufuna. Dzina la Chichewa likachotsedwa, iyeyo sadziwa chimene akugula.

Nsinjiro ndizo zimaonetsa poyera kuti nkhaniyi si yamasewera. Womasulira wina akhoza kuzitcha zokometsera ndiwo zachikhalidwe, poganiza kuti akukopa ogula, osatchula n'komwe kuti ndi mtedza wosinja. Pali anthu amene thupi lawo limadana ndi mtedza kotero kuti kachidutswa kochepa kakhoza kuwatsekereza mpweya. Ichi n'chifukwa chake malamulo a ku Mangalande ndi a mgwirizano wa Ulaya adaika mtedza pamndandanda wa zakudya 14 zoyenera kutchulidwa poyera, ndipo a ku Amereka nawonso amalamula zomwezo. Liwu lakuti "groundnut", lomwe ana a sukulu a kuno amaliphunzira, silidziwika kwa Aamereka ambiri. Liwu lodziwika konsekonse ndi "peanut", ndipo ndi limene liyenera kulembedwa moonekera. Mbali ina ya vuto lomweli ili pa ufa wa malambe ndi wa chammwamba, umene kuno umagulitsidwa ndi mawu akuti umachiza shuga, umatsitsa kuthamanga kwa magazi, umawonjezera mphamvu. Maiko a ku Ulaya adalola ufa wa malambe kugulitsidwa ngati chakudya m'chaka cha 2008, koma malamulo awo amaletsa kunena kuti chakudya chimachiza matenda. Apa womasulira wanzeru amachotsa, sawonjezera, ndipo amamufotokozera mwini katundu chifukwa chake.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo zina mwa izo n'zomveka. Yoyamba ndi yakuti ogula akunja akamafufuza pa intaneti salemba liwu lakuti chitenje, amalemba "African print fabric". Zimenezi n'zoona, ndipo palibe choletsa kuika mawu amenewa pambuyo pa dzina kuti wofufuza apeze sitoloyo. Cholakwika ndi kuwaika m'malo mwa dzina. Komanso otsutsawa amaiwala kuti ogula oyamba a timasitoloti kawirikawiri ndi Amalawi, Azambiya ndi Amozambiki okhala kunja, pamodzi ndi alendo amene adagwirapo ntchito kuno. Amenewo akafuna nsinjiro amalemba nsinjiro, ndipo sitolo imene idachotsa liwuli saipeza. Mwana wobadwira ku Mangalande, amene Chichewa chake n'chochepa, amafunikira zonse ziwiri: dzina limene adalimva kwa amayi ake, ndi Chingerezi chomuuza chimene chili m'paketi.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti womasulira alibe ufulu wowonjezera kapena kuchotsa kanthu. Lamulo limeneli n'loona pa chikalata cha kukhoti ndi pa ndakatulo, kumene mawuwo ndiwo chinthu chenichenicho. Pa malonda chinthu chenicheni ndi nsaluyo, ndipo mawu ndi mthenga chabe. Komabe ufulu umenewu uli ndi malire okhwima. Chilichonse chowonjezedwa chiyenera kuchokera pa tepi yoyezera, pa sikelo, kapena pakamwa pa mwini katundu, ndipo mwini katundu ayenera kumva m'Chichewa zonse zimene zalembedwa m'dzina lake zisanaikidwe pa sitolo. Womasulira wopeka miyeso ndi woipa kuposa womasulira liwu ndi liwu, pakuti uyu amangosokoneza pamene uja amanamiza.

Mfundo yachitatu ndi ya ndalama: sitolo yaing'ono singakwanitse kulipira katswiri pa katundu aliyense. Iyi ndiyo yolemera kuposa zonse, koma yankho lake lilipo. Sitolo yogulitsa zitenje, ufa ndi madengu ili ndi maina ochepa obwerezabwereza. Mwini wake akakhala pansi kamodzi ndi munthu wodziwa bwino zilankhulo ziwirizi, n'kugwirizana kuti chitenje chizilembedwa motani, mgaiwa motani, nsinjiro motani, lichero motani, n'kuzilemba m'kope limodzi, ntchito yotsala imangokhala yosintha miyeso ndi mitundu. Kopelo limathetsanso chisokonezo chimene chimaoneka m'masitolo ambiri, momwe chinthu chimodzi chimatchedwa maina atatu osiyana malinga ndi amene adamasulira tsikulo. Pa katundu aliyense mafunso amakhala omwewo: dzina lake ndani, wapangidwa ndi chiyani, ndi wamkulu kapena wolemera bwanji, m'phukusi muli zingati, asamalidwe bwanji, ndipo pali choopsa chanji. Mawu onga akuti chachikulu bwino, mulu umodzi kapena chitini chimodzi sawoloka nyanja. Amasanduka masentimita ndi magalamu.

Palinso njira yosavuta yodziwira ngati kumasulira kwatheka. Chingerezicho chiperekedwe kwa munthu amene sanauone katunduyo, makamaka wina wokhala kudziko limene akugulitsako, ndipo iye anene chimene akuyembekeza kupeza akatsegula phukusi. Akanena kuti muli nsalu imodzi yathonje yotalika mamita 4, yofiira ngati njerwa, yoyenera kuchapidwa payokha, ndiye kuti ntchito yatheka. Akanena kuti muli kansalu ka kugombe, kapena sitachi wolimbitsira msuzi, ndiye kuti cholakwa chapezeka phukusi lisanakwere ndege. Safunsa adadya phula, ndipo funso limodzi limeneli n'lotsika mtengo kuposa phukusi lobwezedwa.

Anthu okonda Chinyanja amadandaula kawirikawiri kuti chilankhulochi chikuthamangitsidwa m'sukulu, m'maofesi ndi m'makhoti, koma sawerengera kuti chikuthamangitsidwanso pa katundu wake womwe, ndipo ochithamangitsa ndi eni ake. Sitolo iliyonse imene yalemba chitenje, mgaiwa kapena nsinjiro patsogolo, n'kulongosola moona pambuyo pake, imamuphunzitsa mlendo liwu limodzi la Chichewa limene adzalilembanso akafuna kugula kachiwiri, ndipo liwulo lidzamubwezera ku sitolo yomweyo. Sitolo imene yabisa dzina n'kupeka nthano imagulitsa lero, mawa wogula n'kukapeza nsalu ya dzina lomwelo kwa wina wotchipa. Omasulira amene akugwira ntchito imeneyi, kaya ndi olipidwa kaya ndi achibale ongothandiza, atenge tepi ndi sikelo asanatenge dikishonale, ndipo dzina la katunduyo alisiye mmene eni ake amalitchulira.